Kasanjidwe ka chithunzi: momwe mungachitire kuti woonera adziwe poyang'ana

Achinyamata ambiri amene akujambula makatuni, mapositala ndi zithunzi za m'mabuku kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu luso ali nalo. Nkhope amaitha, makwinya a chitenje amawatha, minibasi amaijambula mpaka katundu wa pamwamba. Koma mukapereka chithunzicho kwa munthu amene sanamve nkhani yake, amachiyang'ana kwa kanthawi kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye akutani apapa?" Funso limeneli likangobwera, chithunzi chalephera ntchito yake, ngakhale chitakongola chotani.

Vuto silikhala m'dzanja. Limakhala loti wojambula anayamba ndi maso, mphuno ndi maluwa a pa chitenje asanaganize kuti anthu aima pati, manja awo aloza kuti, ndipo kuwala kugwera pati. Malangizo awa ndi okonza zimenezo musanayambe kukongoletsa. Titsata chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: pamsika wa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, mayi wobereka mwana akugulitsa mbatatesi. Akunenerera mtengo ndi bambo wina amene watsika minibasi, ndipo kumbuyo kwawo mnyamata akutenga ndalama m'kambale.

## Zofunika kukhala nazo

- Mapepala a A4 anayi kapena asanu. Ngakhale olembedwa kale mbali imodzi ndi abwino pa ntchito yoyambirira.
- Pensulo ya HB yojambulira mizere, ndi ina yofewa ya 2B kapena 4B yodetsera.
- Chekeni chakuda chokhuthala. Ngati mulibe, kakala ka pambaula kagwira ntchito yomweyo.
- Lula ndi chofufutira.
- Kalilole.
- Foni yokhala ndi kamera.
- Munthu mmodzi kapena awiri amene sakudziwa nkhani yanu. Awa ndi ofunika kuposa zonse zili pamwambazi, ndipo musawauze kanthu mpaka pa sitepe yomaliza.

## Sitepe 1: Lembani nkhani yanu m'chiganizo chimodzi

Lembani pamwamba pa pepala chimene woonera ayenera kumva akangoponya diso. Chathu ndi ichi: "Mnyamata akuba ndalama pomwe mayi ayang'ana kumbali." Kenako lembani mzere kunsi kwa chinthu chimodzi chokha chimene diso liyenera kufikapo poyamba. Apa ndi dzanja la mnyamata lili pakambale. Si nkhope ya mayi, si minibasi, si milu ya kabichi.

Chenjezo: ambiri amafuna kuti kuba kuoneke, kunenerera kuoneke, kondakitala akuitanira aoneke, komanso kukongola kwa msika kuoneke, zonse mofanana. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chiganizo chanu chikakhala ndi "komanso" kawiri, ndiye kuti muli ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu, ndipo muzigawe.

## Sitepe 2: Jambulani timabokosi ting'onoting'ono

Papepala limodzi jambulani timabokosi sikisi, kalikonse masentimita 8 m'litali ndi 4.5 m'lifupi. Muyeso umenewu ndi wa 16:9, wofanana ndi wa TV. Ngati chithunzi chanu n'cha pa foni yoimika, tembenuzani bokosilo likhale 4.5 m'mbali ndi 8 chokwera.

Kuchepa kwake n'kwadala. M'kabokosi kotere simungajambule maso kapena zala, choncho mumakakamizika kuganiza za matupi athunthu ndi malo awo. Kalikonse kasakutengereni mphindi zopitirira ziwiri, ndipo kalikonse kasiyane ndi kanzake: kena mwaima patsogolo pa mayi, kena kumbali, kena mwayandikira, kena mwatalikira. Musakondane ndi koyamba. Kawirikawiri koyambako kamangosonyeza msika monga mumauonera mukamadutsa pa minibasi, ndipo kuba sikuoneka pamenepo.

## Sitepe 3: Sankhani mbali yoima ndi msinkhu wa diso

Tiyese mbali zitatu pa nkhani yathu. Mukaima patsogolo pa mayi, thupi lawo libisa mnyamata, ndipo dzanja lake silioneka n'komwe. Mukaima kumbuyo kwa mnyamata, msana wake ubisa mkono wake womwe. Mukaima kumbali, anthu atatu onse aoneka atandanda: mnyamata kumanzere, mayi chapakati, wogula kumanja, ndipo mkono uja uoneka utali wake wonse. Zochitika za manja, monga kupatsa, kulanda, kuloza ndi kumenya, pafupifupi nthawi zonse zimamveka bwino zikaonedwa chakumbali.

Tsopano msinkhu. Mukajambula ngati mwaimirira, mukuyang'ana kambale chotsika, ndipo kumbuyo kwa dzanja kukhala nthaka, matumba, mapazi a anthu ndi mbatatesi. Dzanja lisowa m'chipwirikiti chimenecho. Tsikani, mujambule ngati mwakhala pansi. Tinene kuti kambale kali pabenchi lofika m'chiuno mwa mayi. Diso la munthu wokhala pansi lili m'munsi mwa benchilo, choncho kumbuyo kwa dzanja kukhala thambo.

Mzere wa kumene nthaka imakumana ndi thambo umakhala pa msinkhu wa diso lanu nthawi zonse. Mukakhala pansi, mzerewo udutsa m'ntchafu za akuluakulu onse oimirira pamalo athyathyathya, kaya ali pafupi kaya ali kutali. M'kabokosi kathu muujambule pafupifupi theka la sentimita kuchokera pansi, ndipo bokosilo lidule anthu pamwamba pa mawondo.

Chenjezo: poti tili m'munsi, m'kati mwa kambale sitionamo. Ndalama isakhale m'katimo ayi. Ikhale itatuluka kale, yapepala, ili pakati pa zala, ngodya yake ikuoneka bwino.

## Sitepe 4: Detsani anthu onse, muone ngati nkhani ikumvekabe

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo musapadutse mothamanga. Tengani kabokosi kamene mwasankha, mudetse munthu aliyense ndi chekeni kuyambira kumutu mpaka kumene bokosi lamudula. Pasatsale diso, pakamwa kapena batani la malaya. Chotsala ndi chithunzithunzi chake chokha, monga mumaonera munthu ataima pamtunda dzuwa likulowa kumbuyo kwake. Funso ndi limodzi: kodi chithunzithunzi chimenechi chikunena chimene munthuyu akuchita?

Chifukwa chake n'chakuti diso limayamba lazindikira malire a thupi lisanawerenge za m'kati. Munthu amene mumamudziwa mumamuzindikira ali kutsidya la dambo, nkhope isanaoneke, chifukwa cha kaimidwe ndi kayendedwe kake. Amene mwapitako ku mapanga a ku Chongoni, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, mwaona zithunzi zoyera za nyama zotambasula miyendo mbali zonse. Zilibe zokongoletsa zambiri, koma mwendo uliwonse uli pawokha, ndipo chinthucho chimaoneka mutaima patali.

Tiyambe ndi mnyamata. Ambiri amamujambula atawerama, chigongono chili pamimba, dzanja lili patsogolo pa chifuwa. Mukamudetsa amasanduka chulu. Mkono walowa m'thupi, ndipo palibe angadziwe ngati akuba, akumanga nsapato kapena akudwala m'mimba. Konzani motere. Tulutsani mkono m'thupi, utambasuke chokwera kulunjika kukambale, ndipo pakati pa mkono ndi chifuwa pakhale mpata woyera wooneka bwino. Zala ziwiri zogwira ndalama zisiyane ndi zinazo. Khosi litalike patsogolo, mutu ukhale chakumbali kuti mphuno ndi chibwano zioneke, zisonyeze kumene wayang'ana. Mkono winawo muubweze kumbuyo, ngati munthu wokonzeka kuthawa.

Musanajambule thupi, yambani mwakoka mzere umodzi wopindika kuchokera m'chiuno, kudutsa msana ndi phewa, mpaka kunsonga ya zala. Thupi lonse limangidwe pa mzere umenewo. Ukakhala umodzi, diso limatsetsereka nawo mpaka pandalama. Ukathyoka kawiri katatu, munthu amaoneka wouma.

Mayi nawo ali ndi vuto lawo. Chitenje, mwana wa kumsana ndi duku zikadetsedwa pamodzi zimapanga chinthu chimodzi chachikulu chopanda mbali. Ndiye apatseni zizindikiro zotuluka kunja kwa thupi. Mfundo ya duku ituluke kumbuyo kwa mutu. Mutu wa mwana upendekere kumbuyo, kuti pakati pa mutuwo ndi khosi la mayi pakhale kampata. Kaphazi ka mwana katuluke m'chiuno. Dzanja la mayi litambasukire kwa wogula, chikhatho chili m'mwamba, monga amachitira munthu akamati, "Onjezeraniko pang'ono, bambo." Dzanja limenelo likakhala patsogolo pa mimba, kunenerera kwatha.

Wogula asiyane ndi awiriwo ngakhale mumdima. Akhale wamtali, woongoka, wa chipewa, chikwama chili paphewa. Mukatero muli ndi maonekedwe atatu osasokonezeka: wopendekera, wozungulira, ndi woongoka. Anthu atatu a msinkhu umodzi ndi thupi limodzi amachititsa woonera kuyamba kuwerenga nkhope kuti adziwe uyu ndani, ndipo nthawi imeneyo dzanja lija laiwalika.

Ngati kaimidwe kakukanikani m'mutu, pemphani mng'ono wanu aime pafupi ndi khoma usiku, muunike ndi tochi ya foni, muone mthunzi wake pakhomapo. Muuzeni atembenuke pang'onopang'ono mpaka mthunziwo unene kuti "akuba". Mudzaona kuti kaimidwe kamene kakumveka ndi kokokomeza kuposa mmene wakuba weniweni angaimire. Jambulani kokokomezako. Wakuba weniweni amabisa dzanja, koma inu ntchito yanu ndi kulionetsa.

Chenjezo: musayese kupulumutsa kaimidwe koipa pojambula nkhope yabwino. Ngati chithunzithunzi sichikunena kanthu, fufutani muyambirenso. Pa kabokosi kakang'ono mwataya mphindi ziwiri zokha.

## Sitepe 5: Ikani chofunika pamalo ake, ndipo muchipatse mpata

Gawani kabokosi patatu m'litali ndi patatu m'lifupi. Pa bokosi la masentimita 8 ndi 4.5, mizere yoimirira igwera pa 2.7 ndi pa 5.3, yogona pa 1.5 ndi pa 3. Mizereyi ikumana pamalo anayi. Ikani dzanja ndi kambale pamene mzere woimirira wa kumanzere wakumana ndi wogona wa m'munsi. Nkhope ya mayi ikhale cha pamene wa kumanja wakumana ndi wa m'mwamba. Mukatero zinthu ziwiri zimene nkhani yaimapo zakhala mopingasana, ndipo mtunda wa pakati pake ndiwo ukunena kuti mayi sakuona.

Kugawa patatuku si lamulo. Ndi njira yongokuthandizani kuti musaunjike zonse pakati kapena kukankhira chofunika m'mphepete. Pali zithunzi zimene zimafuna munthu akhale pakati penipeni, monga mfumu itakhala pampando ikuyang'ana anthu ake. Koma nkhani ya anthu awiri kapena atatu ochitirana zinthu imafuna malo oti diso liyendemo.

Chofunika kwambiri ndi mpata wozungulira dzanja. Pa kabokosi, siyani pafupifupi theka la sentimita mbali zonse popanda kanthu: popanda mtengo, popanda waya wa magetsi, popanda mutu wa munthu wodutsa. Msika wa Lizulu ndi wodzaza, ndipo chithunzi chanu chidzaze ndithu, koma kudzazako kukhale kumanja ndi m'munsi, kumene kuli ndowa za mbatatesi, anyezi ndi tomato. Malo amodzi opanda kanthu m'chithunzi chodzaza amakoka diso mwamphamvu.

Yang'aniraninso zinthu zongokhudzana. Ngati mutu wa mnyamata wangogunda nsonga ya benchi, kapena chigongono cha mayi changokhudza chikwama cha wogula, diso limakakamira pamenepo chifukwa silikudziwa chili patsogolo n'chiti. Pali njira ziwiri zokha: zilekanitseni pakhale mpata woonekeratu, kapena chimodzi chibise chinzake mokwanira. Ndowa ya mbatatesi ibise gawo la chitenje cha mayi, mayi abise gawo la minibasi. Kubisana kotere n'kumene kumauza woonera kuti ichi chili pafupi, icho chili kutali.

## Sitepe 6: Gawani kuwala ndi mdima patatu basi

Jambulaninso kabokosi kaja, koma tsopano mugwiritse ntchito mitundu itatu yokha: kuyera kwa pepala, kotuwa kwa pensulo yopepuka, ndi kuda kwa chekeni. Diso limathamangira pamene chakuda kwambiri chakumana ndi choyera kwambiri. Choncho malo amenewo akhale amodzi m'chithunzi chonse, ndipo akhale padzanja: mkono wakuda bii, thambo loyera mbee.

Zina zonse zitsike mphamvu. Mayi akhale wotuwa ndi wakuda, kumbuyo kwawo kukhale kotuwa. Minibasi zambiri n'zoyera, ndipo apa pali msampha: wogula wovala jekete lakuda ataima patsogolo pa minibasi yoyera alanda diso lonse. Idetseni minibasiyo ikhale yotuwa ngati ili pamthunzi, kapena ionekeko kachigawo kochepa m'mphepete. Palibe adzakufunseni chifukwa chake.

Mapiri a kumbuyo muwachite monga amaonekera m'mawa wa mwezi wa Juni kapena Julaye, nkhungu itakuta. Chinthu chikamatalikira chimayererako ndipo malire ake amafewa. Aliyense wokhala m'munsi mwa phiri la Dedza amaziona: mitengo ya paini yapafupi ndi yakuda, ya pakati ndi yotuwa, nsonga ya phiri imangotsala pang'ono kusungunuka m'thambo. Tsatirani dongosolo lomwelo. Zapafupi zide, zapakati zituwe, zakutali ziyere. Phiri likajambulidwa lakuda kumbuyo kwa dzanja, ntchito yonse ya sitepe 3 yapita pachabe.

Pali nkhani ina imene ndimafuna ojambula athu aziisamala kwambiri, ya khungu. Anthu amene timajambula ndi akuda, ndipo nkhope yakuda ikaikidwa patsogolo pa khomo lamdima, pa mtengo wa masamba obiriwira kwambiri kapena pa khoma la njerwa zootcha, imamira. Ena pofuna kuthana ndi zimenezi amayeretsa khungu, mpaka mayi wa ku Ntcheu n'kusanduka munthu wina. Musatero. Siyani khungu likhale mmene lilili, musinthe za kumbuyo. Ikani chinthu chopepuka kumbuyo kwa nkhope, monga thambo, khoma la laimu kapena thumba loyera. Kapena siyani kamzere kowala m'mphepete mwa chipumi, mphuno ndi tsaya, ngati dzuwa likuchokera kumbuyo. Kamzere kameneko kamadula nkhope kuichotsa mumdima popanda kusintha mtundu wa munthu.

Chitenje nachonso chisamaliridwe. Maluwa ake akajambulidwa onse ndi mitundu yowala, chimakhala chinthu chaphokoso kuposa china chilichonse m'bokosi. Sankhani mitundu iwiri yoyandikana kuda kwake, ndipo maluwawo akhale akuluakulu, ochepa.

## Sitepe 7: Konzani njira imene diso lidzayende

Munthu akaona nkhope m'chithunzi, amayang'ana kumene nkhopeyo yayang'ana. Izi zingakuthandizeni, zingakuonongereninso. Mu chithunzi chathu mayi ayang'ana kumanja, kutali ndi dzanja. Ngati wogula nayenso wayang'ana kumanja, kwa kondakitala amene sakuoneka, diso la woonera lituluka m'bokosi ndipo silibwerera. Mutembenuzeni ayang'ane kumanzere, kwa mayi. Thupi lake loongoka litseke mbali ya kumanja.

Tsopano gwiritsani ntchito mwana wa kumsana. Mayi sakuona, wogula sakuona, koma mwana watembenuza mutu ndipo akuyang'anitsitsa dzanja lija. Diso la woonera liyamba padzanja chifukwa cha kuda ndi kuyera, lipita kwa mnyamata, lidumphira kwa mayi ndi wogula, kenako mwana alibwezera padzanja. Kamutu kamodzi kameneka kamanga chithunzi chonse pamodzi, ndipo kawonjezera kukoma kwa nkhani, poti mboni yokhayo ndi imene sitha kulankhula.

Mizere ya zinthu nayo iloze komweko. Thabwa la benchi, m'mphepete mwa msewu, kutsetsereka kwa phiri, zonsezi mungazipendeketse pang'ono kuti zitsikire kukambale. Siifunika kukhala yambiri. Iwiri kapena itatu yakwana, bola pasakhale mzere wamphamvu wolozera kwina.

Poti timawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, mnyamata akakhala kumanzere woonera adziwa za kuba asanaone mayi, ndipo awamvera chisoni. Mukatembenuza, wogula kumanzere ndi mnyamata kumanja, ambiri ayamba ndi kunenerera kenako n'kudzidzimuka ndi kuba. Zonse n'zotheka. Sankhani mwadala malinga ndi mmene mukufuna nkhani imvekere.

## Sitepe 8: Yesani musanakulitse

Mayeso oyamba: tsinzinani pang'ono mpaka chithunzi chichite chimbuuzi. Chimene chatsala chikuoneka ndicho diso la woonera lidzayambire. Ngati ndi minibasi, bwererani ku sitepe 6.

Achiwiri: onetsani kabokosi pakalilole. Diso lanu lazolowera chithunzichi ndipo lasiya kuona zolakwika. Chikatembenuka mudzaona msanga ngati anthu onse apendekera mbali imodzi kapena ngati mbali ina yalemera.

Achitatu: chijambuleni ndi foni, muchiyang'ane chili chaching'ono m'ndandanda wa zithunzi, chifukwa umo ndi mmene ambiri adzachionere koyamba pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mukadzapaka mitundu, bwerezani mayeso amenewa mutatsitsa `Saturation` mpaka kumapeto pa zosinthira zithunzi za m'foni. Mitundu idzachoka, ndipo mudzaona ngati dzanja likusiyanabe ndi za kumbuyo. Chofiira ndi chobiriwira zimaoneka zosiyana kwambiri, koma kawirikawiri kuda kwake kumakhala kofanana, ndipo zikasindikizidwa pa fotokope zimasanduka chinthu chimodzi.

Omaliza ndi a anthu aja munawasunga. Onetsani kabokosi kodetsedwa kwa masekondi atatu, mukabise, mufunse kuti, "Agogo, mwaona chiyani apa?" Akati, "Kamnyamatako kakuba ndalama za mayiwo," mwatha. Akati, "Ndi pamsika," ndiye kuti malo amveka koma nkhani sinamveke, ndipo vuto lili pa mpata kapena pa kuwala. Akati, "Akumupatsa ndalama mwanayo," vuto lili pa kaimidwe: mnyamata waongoka kwambiri, kapena mayi sanatembenuke mokwanira. Musawafotokozere, ndipo musafunse kuti, "Mwaona kuti akuba?" chifukwa mwa ulemu adzangovomera.

Zikatheka, kulitsani. Pa A4 yogonekedwa jambulani bokosi la masentimita 24 ndi 13.5, lomwe ndi kabokosi kaja kuchulukitsa katatu. Kokani mizere yogawa patatu ija pa 8 ndi pa 16, komanso pa 4.5 ndi pa 9, ndipo musamutse chithunzithunzi chilichonse chigwere m'chigawo chomwe chinali. Nkhope, zala ndi maluwa a chitenje zibwere pamapeto, kabokosi kali pambali panu.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kuwongola matupi pokulitsa. Ichi ndicho chimapha zithunzi zambiri zimene zinayamba bwino. Pa kabokosi mnyamata anali wopendekera, mkono uli patali. Pa pepala lalikulu wojambula amayamba kusamala za mapewa ndi zigongono, ndipo mosazindikira amabweza mkono pafupi ndi thupi. Mukamaliza mizere ya pensulo, ikani pepala lina pamwamba, mugunditse pawindo masana, mudetsenso matupi ndi kuyerekeza ndi kabokosi. Ngati mpata wa pakati pa mkono ndi chifuwa wachepa, ukulitseni musanapake inki.

Kukongoletsa paliponse mofanana. Mbatatesi iliyonse ya m'ndowa ikajambulidwa ndi maso ake, ndowayo ipikisana ndi dzanja. Tsatanetsatane achuluke pafupi ndi chofunika, azichepa mukamatalikira. Mulu wa mbatatesi umamveka ndi malire ake ndi zitatu zinayi za pamwamba.

Zomera pamutu. Mtengo wa magetsi, nthambi kapena chikwangwani chikakhala kumbuyo kwenikweni kwa munthu chimaoneka ngati chamera pamutu pake. Chisunthireni kumbali.

Kudula pa mfundo za thupi. Malire a bokosi asadutse pakhosi, pachigongono, pabondo kapena pamfundo ya dzanja. Dulani pakati pa ntchafu kapena pakati pa mkono, apo ayi munthu aoneka ngati wadulidwa chiwalo.

Khamu la mitu yofanana. Anthu a kumbuyo musawandandike pa mzere umodzi aliyense ndi nkhope yake. Aphatikizeni akhale magulu awiri kapena atatu otuwa, mitu ikhale yokwera ndi yotsika, ndipo pasapezeke woyang'ana kwa woonera, chifukwa nkhope yotiyang'ana imakoka diso ngakhale ili yaing'ono.

Kuiwala malo a mawu. Ngati chithunzi chidzakhala ndi mawu a olankhula, malo ake akonzedwe pa kabokosi pomwe. Mawu ndi zilembo zakuda pa choyera, ndipo amakoka diso kuposa nkhope. Mu chithunzi chathu aikeni m'mwamba kumanja, pakati pa mayi ndi wogula, asadye thambo la pamwamba pa dzanja. Ndipo mnyamata asapatsidwe mawu aliwonse. Ngati pakufunika kulemba kuti "ndibe msanga" kuti anthu amve, bwererani ku sitepe 4 mukakonze mkonowo.